Imelo yopempha bwana kuti andilipirire kosi ya Excel, ndithandizeni kuikonza

Make Mapasa: Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimagwira ntchito ya zamasitoko pa kampani ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a kumunda kuno ku Lilongwe. Tili ndi nyumba yaikulu yosungiramo katundu m'tauni, ndi mashopu atatu: ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Mponela. Mwezi ukatha ndimafananitsa zomwe zili m'mabuku anga ndi zomwe anzathu awerenga m'mashopumo, ndipo zimanditengera masiku anayi chifukwa shopu iliyonse imatumiza fayilo yakeyake. Ndapeza kosi ya Excel ya masiku atatu, konkuno m'tauni, sabata yachiwiri ya Seputembala. Fizi ndi K390,000, ndipo pandekha sindingakwanitse. Ndikufuna kampani indilipirire. Potumiza ndidzailemba m'Chingerezi, koma pano ndaika m'Chichewa kuti tikambirane bwino. Ndalemba motere:

"Bwana, ndikupempha kuti kampani indithandize kulipira kosi ya Excel imene ichitike mwezi wa mawa. Ndagwira ntchito pano zaka zinayi mokhulupirika ndipo sindinapiteko ku maphunziro alionse. Kosiyi indithandiza kukulitsa luso langa, ndipo ndidzapeza satifiketi. Idzathandizanso kampani kupita patsogolo. Ndidzayamika mukandiganizira."

Ili bwanji?

Mnyamata wa ku Kawale: Achemwali mwaiwala chachikulu. Alawansi ndi zingati patsiku? Kosi yolipidwa ndiye kuti mumalandirako kanthu. Ife akatitumiza ku Salima timabwerako thumba lili bwino. Bwanji osafuna ya kunyanja?

Make Mapasa: Ayi achimwene, sindine wolandira. Ndi kosi yoti ifeyo tilipire kwa ophunzitsawo. Yomweyi iliko ku Mangochi mu Novembala, koma mukaphatikiza malo ogona ndi thiransipoti ikupitirira miliyoni, ndipo Novembala kwathu ndi nthawi imene alimi amakhala pamzere kugula feteleza. Palibe angandilole kuchoka.

Mayi a ku Zomba: Make Mapasa, ndagwira ntchito yoona za anthu apantchito kwa zaka zambiri, ndipo makalata ngati yanuyi ndawerenga ochuluka. Ndi yaulemu, koma ndikanaiika pambali. Tawerengani nokha: "ndagwira", "sindinapiteko", "luso langa", "ndidzapeza". Mizere inayi ikukamba za inu, umodzi wokha ukukamba za kampani, ndipo umodziwo sukunena chilichonse. "Kupita patsogolo" ndi chiyani? Bwana akawerenga mawu oti satifiketi, chimene chimabwera m'mutu mwake n'chakuti mayiwa akufuna kukonza mapepala awo kuti akafunsire ntchito kwina ndi ndalama zanga. Mwina si maganizo anu, koma ndi mmene amawerengera. Komanso zoti simunapiteko ku maphunziro zaka zinayi zikumveka ngati dandaulo, ndipo munthu akaona dandaulo amayamba kudziteteza m'malo moganizira pempho.

Akauntanti Opuma: Mayi a ku Zomba anena zoona. Mwana wanga, tiyambe ndi funso limodzi. Chaka chathachi, ndi ndalama ziti zimene kampani inataya chifukwa choti lipoti la masitoko limachedwa kapena limalakwika? Sindikufunsa za kutopa kwanu. Ndikufunsa ndalama zimene zili papepala, zoti bwana wanu atatsegula buku akazipeza.

Make Mapasa: Zilipo ziwiri, bambo. Choyamba, mu Malichi tinapeza mabotolo 46 a mankhwala ophera mbozi za m'chimanga atatha nthawi yake ku shopu ya ku Mponela. Chomvetsa chisoni n'choti mu Januwale mankhwala omwewo anatha ku Mitundu, alimi akuwafuna, mpaka tinakaoda ena, osadziwa kuti ku Mponela angokhala pa shelefu. Botolo timagulitsa K19,000. Chachiwiri, mwezi uliwonse ine ndi mnzanga timabwera Loweruka kudzamaliza kufananitsa, ndipo aliyense amalandira ovataimu ya K28,000. Ndimaganizanso zowerengera masiku anga. Malipiro anga akagawidwa amakwana pafupifupi K19,000 patsiku, ndiye ndikapulumutsa masiku atatu pamwezi, pachaka ndi masiku 36, kapena kuti K684,000.

Akauntanti Opuma: Tsopano tayamba kulankhula. Koma tiyeni tisefe, chifukwa mwa manambala atatuwa imodzi ndi yolimba, ina ikufunika kukonza, ndipo ina ikhoza kukugwetsani.

Ya masiku anu 36 ija musaisandutse ndalama. Malipiro anu a pamwezi bwana adzalipira ndithu, kaya mwamaliza lipoti tsiku limodzi kaya masiku anayi. Palibe tambala imene itsale m'thumba mwake. Mukalemba kuti "kampani ipulumutsa K684,000", wowerengera ndalama aliyense aona kuti ndalamayo ndi ya m'malere, ndipo ayamba kukayikira manambala ena onse a m'kalatamo. Masikuwo atchuleni ngati masiku, kenako nenani chimene mudzachite nawo. Mwachitsanzo, kupita nokha ku shopu imodzi mwezi uliwonse kukawerenga katundu mwadzidzidzi. Mwini bizinesi amadziwa phindu la zimenezo popanda kumuuza.

Ya mankhwala ija ndi yeniyeni, koma mwawerengera pa mtengo wogulitsira. Chimene kampani inataya chotsimikizika ndi mtengo umene inagulira. Phindu likanabwera kapena ayi, zimenezo munthu angatsutse, koma invoisi ya oda satsutsa. Munagula zingati botolo?

Make Mapasa: K14,500.

Akauntanti Opuma: Ndiye mabotolo 46 ndi K667,000. Lembani imeneyo, osati K874,000 ya mtengo wogulitsira. Ndi yocheperapo, komabe ikuposa fizi ya kosi, ndipo palibe angakutsutseni.

Ovataimu ndiye ndalama yotuluka mwezi ndi mwezi: anthu awiri, K56,000 pamwezi, K672,000 pachaka. Apa chenjerani pawiri. Musalonjeze kuti yonse itha, chifukwa mu Novembala ndi Disembala katundu amayenda wambiri ndipo mudzabwerabe Loweruka. Nenani theka, K336,000. Ndipo dziwani kuti mukudula ndalama imene inuyo ndi mnzanuyo mumalandira. Mwamuuza?

Make Mapasa: Sindinamuuze. Kunena zoona sindinaganizepo za iye. Ineyo Loweruka ndimalifuna kuti ndizikhala ndi ana, koma iye amadalira kandalamako.

Mayi a ku Zomba: Muuzeni musanatumize. Akadzamvera kwa bwana kuti ovataimu yatha chifukwa cha kalata yanu, muofesimo simudzakhala bwino, ndipo ndi yemweyo amene mukufuna kuti akugwirireni ntchito masiku atatu muli ku kosi.

Wa Makompyuta: Ine ndifunse mosapita m'mbali. K390,000 ya chiyani? Zimene mukufunazi ndi mafomula awiri. Kuphatikiza katundu wa mtundu umodzi pa shopu imodzi, ngati dzina la shopu lili mu A, nambala ya katundu mu B, ndipo kuchuluka kwake mu D:

```
=SUMIFS(D:D,A:A,"Mponela",B:B,"M014")
```

Kuona masiku otsala kuti mankhwala athe nthawi, ngati deti lili mu E2:

```
=E2-TODAY()
```

Basi. Zina zonse zili pa YouTube ulere. Bwana wanu akakhala wochenjera akufunsani zomwezi.

Make Mapasa: SUMIFS ndimaidziwa, achimwene, ndinaphunzira pa foni. Vuto si kuphatikiza. Vuto n'loti mafayilo atatu amabwera osiyana, ndiye ndimakopera mzere umodziumodzi kuika mu fayilo yanga. Wina amalemba "NPK 50kg", wina "Chitowe", wina amalemba "npk" n'kusiya mpata kumapeto. Pa ndondomeko ya kosiyi pali tsiku lathunthu la Power Query, lophunzira kukoka mafayilo onse a mu foda imodzi n'kuwayeretsa okha. Ndinayesa kuonera pa foni koma ndimasochera, ndipo palibe woti ndimufunse.

Wa Makompyuta: Apo ndamva, ndipo ndabweza mawu pang'ono. Power Query ndi yovuta kuigwira wekha poyamba. Koma ndiye fufuzani zinthu ziwiri musanalonjeze kanthu kwa bwana. Tsegulani Excel ya ku ofesi, pitani pa File kenako Account, muone kuti ndi ya chaka chanji. Power Query imabwera ili momwemo kuyambira Excel 2016. Koma fomula ya XLOOKUP, imene aphunzitsi ambiri masiku ano amaikonda, imapezeka kuyambira Excel 2021 komanso mu Microsoft 365, mu 2016 ndi 2019 mulibe. Ndinaonapo munthu atabwera ku kosi ndi fayilo yokongola, kuitsegula pa kompyuta ya ku ofesi, kusintha nambala imodzi, mizere yonse n'kudzaza `#NAME?`. Bwana wake anangoti ndalama zapita pachabe.

Chachiwiri, "Chitowe" ndi "NPK 50kg" kompyuta singadziwe yokha kuti ndi thumba limodzi. Katundu aliyense akufunika nambala yake, ndipo mashopu onse azilemba nambalayo. Zimenezo si za kosi, ndi lamulo loti lichoke kwa bwana.

Akauntanti Opuma: Mfundo yachiwiriyo ndi yaikulu kuposa kosi yeniyeniyo, ndipo ilowe m'kalata. Mukapanda kuitchula, mudzabwerako ndi luso koma anyamata a m'mashopu adzapitiriza kulemba mmene akufunira, lipoti lidzachedwabe, ndipo mlandu udzakhala wanu chifukwa ndinu amene munalonjeza. Lembani poyera kuti kuti zimenezi zitheke, pakufunika kuti mashopu onse azigwiritsa ntchito fomu imodzi imene inu mudzakonze.

Make Mapasa: Ndaona, ndi Excel 2016. Ndiye ndiwafunsa ophunzitsawo ngati angandionetse njira yogwira pa 2016.

Wa Makompyuta: Afunseninso ngati amalola kubwera ndi fayilo ya kuntchito kwanu, komanso kuti m'kalasi mukhala anthu angati. Mukakhala 30 mphunzitsi mmodzi, mudzangoonera. Mukapita ndi mafayilo a mwezi watha a mashopu atatuwo, mutachotsamo mitengo ndi maina a makasitomala, mukhoza kubwerako ntchito itayamba kale. Koma pemphani chilolezo chotulutsa mafayilowo, musangowatenga.

Neba wa ku Joni: Ine ndingokuchenjezani za bondi. Ndisanabwere kuno ndimagwira pa kampani ina ku Blantyre, ananditumiza kosi ya milungu iwiri, n'kundisainitsa pepala tsiku lonyamuka, galimoto ili panja. Sindinawerenge. Patatha chaka ndi miyezi itatu nditapeza mwayi wina, anandionetsa kuti ndinasaina zaka zitatu, ndipo ndikachoka ndibweze ndalama yonse, kuphatikiza malo ogona ndi malipiro a masiku amene ndinali ku kosi. Ndalama zanga zomaliza sindinazione. Ndiye ine ndimati osaitchula n'komwe bondi, mukawakumbutsa akupatsani yoopsa.

Mayi a ku Zomba: Pepani ndi zimene zinakuchitikirani, koma ine phunziro limene ndikutengapo ndi lina. Munavutika chifukwa mfundo analemba ndi iwo okha, inu n'kusaina mothamanga. Amene wayamba kutchula ndiye amaika muyeso. Make Mapasa atati "ndine wokonzeka kusaina kuti ndikhala miyezi 12, ndipo ndikachoka isanathe ndidzabweza gawo lotsala", ndiye kuti zokambirana ziyambira pamenepo. K390,000 kugawa miyezi 12 ndi K32,500 pamwezi. Atachoka patatha miyezi 8, abweza ya miyezi 4, K130,000. Ndipo zilembedwe kuti ndi fizi yokha, komanso kuti ngati kampani ndiyo yawachotsa chifukwa chochepetsa antchito, sabweza kanthu. Mantha a bwana oti muthawa ndi satifiketi amathera pamzere umenewu.

Akauntanti Opuma: Apa ndisiyana nanu pang'ono, mayi. Kosi ya masiku atatu si digiri. Ndalama yake ibwerera pasanathe chaka, ndiye kudzimanga wekha chaka chathunthu usanafunsidwe ndi kugulitsa motchipa. Ine ndikanasunga m'thumba, akafunsa ndiye n'kutulutsa manambala amene mwawerengerawo.

Mayi a ku Zomba: Zimatengera bwana wake, bambo. Ngati anapsapo kale ndi munthu amene anaphunzitsidwa n'kuchoka, sadzafunsa, adzangokana mwakachetechete.

Make Mapasa: Anapsapo. Bwana analipirira dalaivala wina laisensi ya galimoto zazikulu, patatha miyezi iwiri dalaivalayo anapita. Mpaka lero amazitchula.

Akauntanti Opuma: Ngati zili choncho ikani mzere umodzi, waufupi, chakumapeto. Komabe ine ndikanati miyezi 6.

Mnyamata wa ku Kawale: Koma bwanji mukuvutika chonchi? Makampani onse amadula ndalama ya TEVETA. Muwauze abwana kuti TEVETA ibweza zonse, iwo saluza kanthu.

Akauntanti Opuma: Mwana wanga, theka la zimene wanenazo ndi loona. Olemba anthu ntchito amalipira ndithu levi ya TEVETA, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo imatoleredwa kudzera ku MRA. Amalipira ndi kampani, sadula kwa wantchito. N'zoonanso kuti TEVETA ili ndi ndondomeko yothandiza makampani olipira leviyo pa maphunziro a antchito awo. Koma si kuti mungotumiza lisiti iwo n'kubweza zonse. Pali zoyenera kukwaniritsa, ndipo wopempha ndi kampani, osati wantchito. Make Mapasa akalemba kuti "ndalama idzabwezedwa" kenako osabwera, adzaoneka wabodza. Chimene angalembe n'chakuti a maakaunti afunse ku TEVETA kosi isanayambe ngati maphunzirowa angalowe m'ndondomekoyo. Likhale funso, lisakhale lonjezo.

Mayi a ku Zomba: Ndipo pempho lanu liime palokha ngakhale thandizolo litapanda kubwera.

Make Mapasa: Ndamva. Nanga nditumize kwa ndani? Mwini kampani ndi amene amavomereza ndalama, koma pakati pathu pali manijala wanga. Ndipo kuli kanthu kena. Woyang'anira shopu ya ku Mponela ndi mlamu wawo wa eni ake. Ndikatchula mabotolo 46 aja, sizioneka ngati ndikumunenera?

Mayi a ku Zomba: Tumizani kwa manijala wanu, ndipo musanatumize mulankhule naye pamaso, mphindi zisanu zokha, kuti imelo isamudzidzimutse. Mukamudumpha, mwini kampani adzamufunsabe iyeyo, ndipo munthu amene wadumphidwa sayankha zabwino. Lembani moti iye angoitumiza pamwamba osasintha kanthu. Mwini kampani musamuike pa Cc pokhapokha manijala atanena yekha.

Za mlamuyo, musatchule Mponela. Nenani "shopu ina" ndi "shopu inzake". Onse akudziwa kale kumene zinachitikira. Ndipo cholakwa chiikeni pa njira imene mumagwiritsa ntchito: lipoti limafika mochedwa ndipo silionetsa madeti othera mankhwala. Lipotilo ndi lanu, ndiye palibe anganene kuti mukuloza chala munthu.

Akauntanti Opuma: Onjezaniponso za mapepala, chifukwa zopempha zambiri zimafera ku maakaunti, osati kwa bwana. Pemphani kotesheni yolembedwa m'dzina la kampani yanu, yosonyeza ngati VAT ili momwemo kapena ibwera pamwamba. Anthu ambiri amapempha ndalama imene aona pa chithunzi cha malonda, invoisi ikabwera ili yokwera, n'kubwereranso kwa bwana kachiwiri, zochititsa manyazi. Pakhale TPIN, nambala ya msonkho ya ophunzitsawo, ndipo afunseni ngati ali ndi satifiketi ya MRA yoti asadulidwe msonkho polipidwa. Ngati alibe, a maakaunti anu adzadula msonkhowo, ndipo ndi bwino ophunzitsa adziwiretu kusiyana n'kukakubwezani pakhomo kuti fizi ndi yoperewera. Ndalama ipite ku akaunti ya ophunzitsa, isadutse m'manja mwanu.

Make Mapasa: Ndawaimbira. VAT ili momwemo, nkhomaliro ilinso momwemo, m'kalasi amatenga anthu 12, ndipo ati ndibwere ndi mafayilo anga. Laputopu ndibwereka ya ku ofesi. Mnzanga ndalankhula naye. Sanasangalale, koma wati agwira ngati ndidzamuphunzitse ndikabwerako. Nayi yatsopano:

"Mutu: Pempho la K390,000 ya kosi ya Excel yokonzera lipoti la masitoko, yankho likufunika pofika Lachisanu la sabata ya mawa

Bwana, monga tinakambirana, ndikupempha kuti kampani ilipire K390,000 kuti ndikachite kosi ya Excel ya masiku atatu konkuno ku Lilongwe, Lachiwiri mpaka Lachinayi, sabata yachiwiri ya Seputembala. Ndalamayi ndi yonse, VAT ndi chakudya zili momwemo, ndipo palibe za malo ogona kapena alawansi.

Panopa lipoti la masitoko limatenga masiku anayi chifukwa mafayilo a mashopu atatu ndimawaphatikiza pamanja, ndipo silionetsa madeti othera mankhwala. Mu Malichi tinataya mabotolo 46 a mankhwala pa shopu ina, a K667,000 pa mtengo wogulira, pamene shopu inzake inali itasowa mankhwala omwewo mu Januwale. Timalipiranso ovataimu ya K56,000 mwezi uliwonse kuti lipotili lithe.

Ndikabwerako ndidzachita zitatu. Pofika kumapeto kwa Seputembala ndidzakonza fomu imodzi ya mashopu onse, yokhala ndi nambala ya katundu aliyense. Kuyambira lipoti la Okutobala, lizituluka pasanathe masiku awiri, pamodzi ndi mndandanda wa mankhwala amene atsala ndi masiku osakwana 90 ndi shopu imene ali. Ndidzaphunzitsanso mnzanga wa muofesi kuti ntchitoyi isadalire munthu mmodzi. Ndikuyembekeza kuti ovataimu itsika ndi theka, pafupifupi K336,000 pachaka. Kuti izi zitheke ndidzafuna thandizo lanu pouza mashopu kuti azigwiritsa ntchito fomuyo.

Ndasankha Seputembala chifukwa malonda a feteleza amakhala asanayambe kuthina, ndipo lipoti la Ogasiti lidzakhala litatha. Masiku atatuwo mnzanga wavomera kulandira ndi kutulutsa katundu. Ndafufuza kuti zophunzirazo zimagwira pa Excel 2016 imene tili nayo. Ndine wokonzeka kusaina kuti ndikachoka miyezi 12 isanathe ndidzabweza gawo lotsala la fizi.

Ndaphatikiza kotesheni ndi ndondomeko ya kosi. Ophunzitsa asunga malo mpaka Lachisanu la sabata ya mawa."

Akauntanti Opuma: Iyi ndiye kalata. Munthu angawerenge ndime yoyamba yokha n'kudziwa chimene mukufuna, ndalama zake ndi tsiku lake. Ndili ndi nkhawa imodzi. Mwalonjeza masiku awiri kuyambira lipoti la Okutobala, koma lipoti limenelo mudzalipanga kumayambiriro kwa Novembala, fomu ili yatsopano, anyamata a m'mashopu akulakwitsa, makasitomala ali pamzere. Mwezi woyamba wa njira yatsopano nthawi zambiri umachedwa kuposa yakale, chifukwa mumayendetsa zonse ziwiri kuti muone ngati zikugwirizana. Lonjezani mndandanda wa mankhwala mu Okutobala, popeza umenewo ndi wosavuta, koma masiku awiriwo muwaike pa lipoti la Disembala.

Wa Makompyuta: Ndipo masiku 90 ndi ochepa pa mankhwala a nyengo. Mankhwala a mbozi akatsala mu Epulo, ogula ambiri sabweranso mpaka mvula ina, kupatula a kudimba. Ikani 180 kuti pakhale nthawi yowasamutsira kumene akuyenda.

Make Mapasa: Zoona, ndasintha zonse ziwiri. Za TEVETA ndazisiya, ndidzangowauza a maakaunti pakamwa.

Neba wa ku Joni: Ine mzere wa bondiwo ukundiwawabe. Koma poti mwaika, pepala likabwera mupite nalo kunyumba, muwerenge usiku wonse. Osasaina galimoto ili panja.

Mayi a ku Zomba: Chotsani "monga tinakambirana" ngati simunalankhule naye. Ndipo mutumize m'mawa pakati pa sabata, osati tsiku lolipira malipiro. Pakatha masiku atatu osayankhidwa, musalembe imelo ina yaitali. Mufunseni pamaso ngati pali chimene akufuna muwonjezere.

Make Mapasa: Ndabweranso ndi nkhani. Ndinalankhula ndi manijala Lolemba, ndinatumiza Lachiwiri, ndipo lero eni ake anandiitana. Funso loyamba linali loti, "Bwanji osaphunzira pa intaneti?" Ndinawaonetsa mafayilo atatu aja pa kompyuta, "Chitowe" ndi "NPK 50kg" zili pambalipambali, ndipo anakhala chete kanthawi. Avomera kulipira. Koma pali ziwiri. Akufuna bondi ya zaka ziwiri, yobweza ndalama yonse, osati gawo. Ndipo za fomu imodzi ati ndikakambirane ndekha ndi oyang'anira mashopu, iwo salowererapo.

Akauntanti Opuma: Pa ziwirizi, yachiwiri ndiyo yoopsa. Wa ku Mponela sangasinthe kalembedwe chifukwa chakuti kalaliki wa m'tauni wanena. Pa bondi mukhoza kugonjerako, mwina miyezi 18, bola ikhale yobweza gawo lotsala. Koma pa fomu musagonje. Lembani nokha uthenga wa mizere itatu wopita kwa oyang'anira mashopu, muupereke kwa manijala kuti angoutumiza m'dzina lake. Nthawi zambiri chimene mabwana amakana ndi ntchito yolemba ndi kukangana, osati mfundoyo.

Mayi a ku Zomba: Ine zaka ziwiri pa K390,000 sindikanavomera, ngakhale miyezi 18. Ayankheni molemba, mwaulemu, kuti mwathokoza, ndipo mukupempha miyezi 12 yobweza gawo monga munalembera poyamba. Akaumirira, funsani ngati bondi yaitaliyo ingaphatikize kosi ina chaka cha mawa.

Neba wa ku Joni: Mwaona? Munatchula chaka chimodzi, iwo awonjezera china.

Mayi a ku Zomba: Akanatchulabe, achimwene, dalaivala uja sanamuiwale. Kusiyana kwake n'koti panopa pali nambala ya Make Mapasa patebulo yoti ayambirepo.

Make Mapasa: Malo asungidwa mpaka Lachisanu, ndiye ndili ndi masiku awiri. Usiku uno ndilemba uthenga wa mashopu uja, mawa m'mawa ndikaupereka kwa manijala pamodzi ndi yankho la bondi. Bambo, miyezi 18 yobweza gawo ndi zingati pamwezi, ndikhale nayo m'thumba?

Akauntanti Opuma: Pafupifupi K21,700. Koma yambani ndi 12, ndipo musaine pokhapokha uthenga wa mashopu utatumizidwa.